Katundu wa Khrisimasi ndi wa kumapeto kwa mwezi: ndiode wochuluka bwanji, ndipo liti?

"Ndimagulitsa madiresi a ana pa WhatsApp ndi Facebook kuno ku Lilongwe, ndipo ndimaoda ku Dar es Salaam kudzera mwa munthu amene amandigulira. Chaka cha dzana lija katundu anandithera pa 18 Disembala anthu akufunabe. Chaka chatha ndinati ndisachitenso manyazi, ndinaoda wambiri, koma theka anatsala ndipo Januwale yense ndinalibe ndalama yoodera china. Ngakhale kumapeto kwa mwezi masaizi ena amandithera, ena ali mbwee. Ndingatani kuti ndiziyeza bwino?" Mayi wa ku Lilongwe

Mayi, musadziweruze kwambiri. Zaka ziwiri zimenezi zakupatsani chinthu chimene woyamba kumene alibe: mukudziwa mlingo umene unachepa ndi mlingo umene unapyola, ndiye wokwanira uli penapake pakati. Chimene chinavuta kawiri konse n'chakuti munaoda kamodzi, mongoganizira, msika usanakuonetseni nkhope yake. Njira imene ndifotokoze ndi yowerenga masiku chobwerera m'mbuyo ndi kugawa oda pawiri, kuti gawo lachiwiri lizitsatira zimene makasitomala achita kale. Ziwerengero ndi mitengo imene ndigwiritse ntchito ndi yongoyerekeza, inu muikemo yanu.

Tiyambe ndi kumapeto kwa mwezi, chifukwa kumabwera kakhumi ndi kawiri pa chaka ndipo ndi kumene mungaphunzirire popanda kupsa kwambiri. Tengani buku lanu, kapena ngati mulibe, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba a miyezi itatu yapitayi, mulembe tsiku limene diresi lililonse linagulidwa ndi saizi yake. Ogulitsa ambiri a zovala m'tauni akachita zimenezi amapeza kuti malonda samayenda mofanana mwezi wonse. Amaunjikana kuyambira cha pa 25 mpaka cha pa 5 mwezi winawo, pamene apantchito alandira, kenako amazizira. Tiyerekeze kuti inu mumagulitsa madiresi 30 pa mwezi, 18 m'masiku otentha amenewo ndi 12 m'masiku ena onse. Mukangonena kuti "ndimagulitsa limodzi pa tsiku" mwadzinamiza, chifukwa pa 28 mungagulitse anayi, pa 15 osagulitsa ngakhale limodzi.

Chiwerengero chachiwiri chofunika ndi masiku a ulendo wa katundu. Apa ambiri amawerenga masiku amene basi imayenda basi. Werengani kuyambira tsiku limene mwatumiza ndalama mpaka tsiku limene diresi lajambulidwa ndipo lili pa foni. M'katimo muli tsiku limene wokugulirani akuzungulira mu msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, masiku odikira kuti katundu wa anthu ena akwane apakire limodzi, ulendo, kuima pa chipata cha Songwe, kukatenga katundu kumene watsikira, kumasula, kuwerenga, kusita ndi kujambula. Tinene kuti zonse zimatenga masiku 10. Mukufuna katundu akhale atakonzeka pa 22, masiku atatu malipiro asanayambe, kuti anthu aone zithunzi n'kusankhiratu. Ndiye tsiku lanu loodera ndi 12.

Pa 12 pamenepo, masamu ake ndi awa. Katundu amene muli naye pamodzi ndi amene mukuoda ayenera kukufikitsani pa 22 mwezi wamawa, pamene wina adzafike. Kuyambira pa 12 mpaka pa 22 mugulitsa pafupifupi 6, mwezi wotsatirawo 30, zonse 36. Onjezani 6 odzitetezera, poopa kuti katundu angachedwe kapena wina angagule atatu nthawi imodzi, zikwana 42. Ngati m'nyumba muli 12, muode 30, amene ndi madazeni awiri ndi theka. Ubwino wa tsiku la 12 ndi wakuti ndalama ya malonda a kumapeto kwa mwezi imakhala ikadalipo. Ntchito yanu ndi kuisunga sabata imodzi yokha osaikhudza, ndipo sabata imeneyo ndi imene imagwetsa anthu, chifukwa ndalama ikakhala mu foni imene mumagulira mayunitsi ndi ndiwo, imatha osadziwa kumene yapita.

Chenjezo limodzi pa malipiro. Miyezi ina amachedwa, makamaka kwa ogwira ntchito m'boma, ndipo pa 28 pamakhala zii. Musathamangire kutsitsa mtengo. Yang'anani mauthenga: ngati anthu akufunsa mitengo ndi masaizi koma sakulipira, ndalama sinalowe, dikirani. Ngati palibe ngakhale wofunsa, vuto lili pa katundu, zithunzi kapena mtengo, ndipo pamenepo kudikira sikuthandiza.

Tsopano Khrisimasi. Kusiyana kwake ndi kumapeto kwa mwezi n'kwakukulu: diresi lotsala pa 5 Meyi lidzagulidwa pa 27 Meyi, koma lotsala pa 25 Disembala limakumana ndi Januwale, mwezi wa fizi, feteleza ndi ngongole, pamene kholo siliganiza zogulira mwana chovala chokayendera. Ndiye msika uwu uli ndi tsiku lotsekera, ndipo kuwerenga konse kumayambira pa tsiku limenelo.

Kwa inu tsiku lotsekera si 24 Disembala ayi. Kasitomala wa ku Area 25 kapena ku Kawale mungamutumizire wa kabaza pa 24 masana, koma wa ku Mzuzu, Zomba kapena Mangochi akufunika kuti katundu wake anyamuke pofika pa 21 kapena 22, chifukwa mabasi ndi makampani onyamula maphukusi amakhala atadzaza. Malipiro a Disembala m'malo ambiri amatuluka msanga, Khrisimasi isanafike, ndipo magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama mwezi womwewo. Choncho masiku otentha kwambiri amakhala cha pa 15 mpaka 23. Katundu womaliza akhale ali m'manja mwanu pa 15. Masiku 10 aja a ulendo, mu Disembala muwawerenge 14: onyamula katundu amakhala ndi wambiri, pa chipata pali mizere, mvula yayamba. Kuchotsa 14 pa 15 Disembala, tsiku lomaliza kuoda ndi 1 Disembala, mukachedwetsetsa pa 3. Oda iliyonse yopita ku Dar es Salaam pa 10 Disembala ndi juga.

Kuti mudziwe mlingo wa nyengo yonse, gwiritsani ntchito chaka chimene katundu anatha komanso chimene anatsala, koma mosiyana. Chaka chimene anatsala chimanena zoona mosabisa, chifukwa aliyense amene anafuna diresi analipeza, ndiye chimene munagulitsa ndicho msika wonse wa chaka chimenecho. Chaka chimene anatha chimabisa. Tinene kuti munagulitsa 70 kufika pa 18, ndipo mukabwerera m'mauthenga mukupeza anthu 30 amene munawayankha kuti "zatha". Musawawerenge onse 30. Wofunsa pa WhatsApp amafunsa kwa ogulitsa atatu nthawi imodzi, ndipo ena akanangoti "ndikuuzani" n'kusowa. Werengani theka, 15, ndiye msika wa chaka chimenecho unali pafupifupi 85. Ngati chaka chotsalira katundu munagulitsa 80 kapena 90, ziwerengero ziwirizi zikugwirizana, ndipo mungakonzekere 90, malire anu akhale 100. Onjezani pamenepo pokhapokha ngati malonda anu a miyezi wamba chaka chino akuposa a chaka chatha m'buku. Kuchuluka kwa okutsatirani pa Facebook sikulowa m'masamu amenewa.

Madiresi 100 amenewa musawaode kamodzi. Gawo loyamba likhale 60, madazeni asanu, ndipo lifike pofika pa 20 Novembala, kutanthauza kuti muode cha pa 6 Novembala ndi ndalama ya malonda a kumapeto kwa Okutobala. Chifukwa chofikitsira msanga chonchi n'chakuti malipiro a Novembala ndiwo mayeso anu. Makolo osamala amagula za Khrisimasi pa nthawi imeneyo, mitengo isanakwere, ndipo zimene iwo asankha zimakuonetsani mtundu, kasokedwe ndi saizi zimene ziyende mu Disembala. Gawo lachiwiri, losapyola 40, limadikira mayeso amenewo.

Pa 1 Disembala khalani pansi muwerenge. Onani m'buku la chaka chatha kuti pofika tsiku ngati limeneli munali mutagulitsa gawo lanji la malonda a nyengo yonse. Tinene kuti linali limodzi mwa magawo anayi. Ngati chaka chino mwagulitsa 22 kuyambira pa 20 Novembala, nyengo yonse ikulozera ku 88. Munaoda kale 60, ndiye mukusowa 28. Odani 30 kapena 36. Ngati mwagulitsa 14 okha, nyengo ikulozera ku 56, ndipo 60 aja akukwanirani. Pamenepo oda yachiwiri ingokhala yodzaza masaizi amene atha, mwina dazeni imodzi, ndalama yotsalayo muisunge. Ngati mwagulitsa 30, msika watentha, koma musapyole 40 aja ndi ambiri, chifukwa nthawi zina kuthamanga kwa Novembala kumangotanthauza kuti anthu agula msanga zimene akanagula pa 20 Disembala.

Njira iyi ili ndi mtengo wake, ndisakubiseni. Mulipira wokugulirani ndi onyamula katundu kawiri, ndipo ku Kariakoo mitengo ya Disembala ingakhale yokwererapo, kapena diresi limene layenda bwino lingakhale litatha. Funsani wokugulirani mu Novembala ngati wopikulitsa ali nalo lambiri, ndipo sankhiranitu lina lofanana nalo lolowa m'malo. Ngakhale zili choncho, kuonjezera pang'ono pa mtengo wa madiresi 30 n'kopepuka poyerekeza ndi madiresi 50 ogona m'chikwama mpaka Pasaka.

Pa nkhani ya masaizi ndiimapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene munthu amatha kukhala ndi katundu wodzaza chipinda koma n'kumayankha kuti "zatha". Opikulitsa amakonda kugulitsa dazeni yosakaniza, masaizi onse mofanana, pamene makasitomala anu sagula mofanana. Ngati buku likuonetsa kuti a zaka 4 mpaka 7 ndiwo amayenda, madiresi 60 aja agawidwe motere: 12 a zaka 2 mpaka 3, 18 a zaka 4 mpaka 5, 18 a zaka 6 mpaka 7, ndi 12 a zaka 8 mpaka 10. Mukatenga madazeni asanu osakaniza mulandira 15 pa gulu lililonse, ndiye apakati atha msanga, a m'mbali atsala. Uzani wokugulirani kuti atenge madazeni anayi osakaniza ndi dazeni imodzi ya masaizi apakati okha, ngakhale ikwere mtengo pang'ono. Katundu akafika, tengani tepi muyeze diresi limodzi pa saizi iliyonse, m'chifuwa ndi m'litali, chifukwa chikwangwani cholembedwa kuti zaka 6 nthawi zina chimakwana mwana wa zaka 4. Lembani miyezoyo pansi pa chithunzi. Diresi lobwezedwa kuchokera ku Mzuzu pa 27 Disembala chifukwa lathina ndi katundu wotsala ndithu, kuonjezeranso ndalama ya mayendedwe.

Mungafunse kuti nanga kulakwitsa kwabwinoko n'kuti, kuchepetsa kapena kupyoletsa? Zimatengera kuti chinthucho chikatsala chimaluza zingati. Diresi lakufikirani pa K12,000 mutawerenga kugula, wokugulirani, mayendedwe ndi msonkho, ndipo mumagulitsa K20,000. Mukasowa diresi, mwataya phindu la K8,000. Likatsala, ngati ndi diresi wamba loti mwana angavale ku tchalitchi kapena ku ukwati, mudzaligulitsa mwina K14,000 mu Febuluwale kapena Malichi, osaluza mpamba, kungoti ndalama yagona. Pa lotere pyoletsani pang'ono, palibe choopsa. Koma lofiira ndi loyera lokhala ndi zithunzi za Khrisimasi, pa 26 Disembala palibe alifune ngakhale pa K6,000, ndipo kulisunga chaka chathunthu ndi kupereka mpata kwa chinyontho, mphemvu ndi fashoni yatsopano. Lotere odani lochepa dala, mwina limodzi pa madiresi asanu alionse, liikeni m'gawo loyamba lokha, ndipo likatha pa 18 musadandaule. Muyezo womwewu ugwiritseni ntchito pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, ngati mumagulitsako mphatso: chitenje wamba chimagulidwa chaka chonse, koma cholembedwa mawu a tsikulo chimafa pa 16.

Pali katundu wina amene amaoneka ngati wagulidwa pamene sanagulidwe, uja wa "mundisungire, ndilipira ndikalandira". Mu Disembala mungasunge madiresi 15 motere, n'kumabweza anthu a ndalama m'manja, kenako pa 24 asanu okha ndiwo alipira. Khumi otsalawo mwawapanga nokha kukhala katundu wa Januwale. Ikani lamulo ndipo mulilembe poonekera: wopereka chikole cha theka mumamusungira mpaka tsiku limene mwagwirizana, wopanda chikole masiku awiri okha, ndipo kuyambira pa 15 Disembala palibe kusunga popanda chikole. Kwa achibale ndi anzanu a ku tchalitchi lamuloli limavuta kunena, koma iwowo ndi amene amasungitsa kwambiri. Komanso buku la katundu likhale limodzi, kaya malonda abwera pa WhatsApp, pa Facebook kapena pakhomo. Diresi likalipiridwa, lichotseni m'buku nthawi yomweyo, muliike m'jumbo, mulembe dzina, ndipo chithunzi cha saizi imene yatha chichotsedwe. Kugulitsa diresi limodzi kwa anthu awiri kumachitika pa 22 Disembala usiku, foni ikulira mosalekeza, ndipo mmodzi wa iwo sadzabweranso.

Ngati katundu akuoneka kuti atsala, mudziwe msanga. Pa 19 kapena 20 Disembala werenganinso. Gawani madiresi amene muli nawo ndi amene mukugulitsa pa tsiku sabata imeneyo. Muli ndi 45 ndipo mukugulitsa 6 pa tsiku, masiku atsala asanu: mugulitsa 30, atsala 15. Nthawi yotsitsa mtengo ndi imeneyi, anthu akadali ndi ndalama m'thumba. Kuchotsa K3,000 pa 20 Disembala kumayendetsa katundu kuposa kuchotsa K8,000 pa 10 Januwale. Musatsitse onse ayi, koma masaizi ndi mitundu imene yaima, kapena muphatikize: wogula la saizi yoyenda atenge lachiwiri la saizi yoima pa mtengo wotsika, popeza mabanja ambiri ali ndi ana angapo. Amene atsalabe, muwapatse mpata wa Chaka Chatsopano, kenako muwalongedze m'majumbo otseka, pamalo ouma osakhudza pansi, mudikire malipiro a kumapeto kwa Febuluwale ndi Pasaka.

Za ndalama. Mpamba wonse usalowe mu Khrisimasi. Pa mpamba umene muli nawo pa 1 Novembala, gawo loyamba la oda litenge pafupifupi theka, lachiwiri lichokere makamaka ku malonda a Novembala, ndipo pakhale ndalama yokwanira oda wamba ya pa 12 Januwale imene simuikhudza zivute zitani. Oda ya Januwaleyo ikhale yaing'ono, theka la mwezi wamba likwanira. Kumbukiraninso kuti mtengo wogulitsira uyenera kutsatira mtengo umene mudzaodere katundu wina, osati umene munagulira. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anapitiriza kugulitsa pa mitengo yakale anamaliza katundu mosangalala, koma ndalama imene anatolera sinathe kugula katundu wofanana ndi amene anagulitsa. Musanaike mitengo ya Disembala, funsani wokugulirani mtengo wa sabata imeneyo ndi mmene kwacha ikusinthira ndi shilingi. Katapila wa oda ya Khrisimasi ndimamukaniza kotheratu: chiwongola dzanja chake chimadya phindu la diresi lililonse, ndipo tsiku lobweza limagwera mu Januwale momwe.

Mukadzayamba kuoda kwina, kalendala imasintha. Ku Joni, mafakitale ndi makampani ambiri amatseka chapakati pa Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, ndipo mabasi obwera kuno amadzaza ndi anthu obwera kutchuthi ndi katundu wawo. Ku China mafakitale amaima pa chikondwerero chawo cha chaka chatsopano, chimene chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi chapakati pa Febuluwale, ndiye katundu wa Pasaka wochokera kumeneko amaodedwa chisanafike. Wa pa sitima ya pamadzi amatenga miyezi, moti kugawa oda pawiri m'nyengo imodzi sikutheka. Amene amaoda kutali chonchi amabweretsa gawo loyamba lokha kuchokera kumeneko, lachiwiri amadzaza kuchokera pafupi, ku Dar es Salaam kapena kwa opikulitsa a ku Limbe ndi ku Lilongwe konkuno, ngakhale phindu lake lichepe.

Pali pamene mufunika munthu wina. Oda zanu zikakula kufika poti msonkho wa pa chipata ukusintha kwambiri mtengo wa diresi, pitani ku ofesi ya MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka woombola katundu musanatumize ndalama, akuuzeni zimene mudzalipire ndi mapepala ofunika, ndipo muzisunga malisiti a wopikulitsa. Katundu wogwidwa pa Songwe pa 12 Disembala chifukwa cha mapepala ndi wotsala kale. Ngati mukuganiza zotenga ngongole ku banki kapena ku gulu, muonetse kaye buku lanu la miyezi isanu ndi umodzi kwa wodziwa zowerengera ndalama, akuyezereni ngati mungabweze mutagulitsa madiresi 56 okha m'malo mwa 88. Ndipo ngati mwawerenga katundu miyezi iwiri yotsatizana n'kupeza kuti wa m'buku sakugwirizana ndi wa m'chikwama, imitsani kaye oda yotsatira, muitane munthu wodalirika amene sagwira nawo malondawo, muwerenge limodzi diresi lililonse ndi uthenga uliwonse wa ndalama mpaka mupeze pamene pakudontha.